Ndabweranso pa nkhani ya bipi ndi inshuwalansi ija

Funso langa lija linali lakuti: "Ndimamwa mankhwala a bipi koma ili bwinobwino, kodi pa fomu ya inshuwalansi ndilembe kuti ndili ndi matenda?"

Abale ndinalemba ndithu, ndipo zikomo amene munandiletsa kubisa. Kwa a kampani ya inshuwalansi yachipatalayo matenda akale ndi chilichonse chimene dokotala anakupeza nacho, kapena chimene unkamwera mankhwala, tsiku loyamba la inshuwalansi lisanafike, olo ukumva bwino bwanji. Ngakhale zizindikiro chabe zimene unakaonetsa kuchipatala koma sanatchule dzina la matenda amatha kuziwerengera.

Anandilandira, sanandikane ayi, koma pepala linabwera ndi mzere wakuti miyezi 12 yoyamba salipira chilichonse chokhudza bipi. Apa ndi pomwe ndinadzidzimuka chifukwa ine ndimaganiza kuti akunena mapilitsi okha, kufunsa bwino akuti sitiroko, vuto la mtima kapena impso, dokotala akangolemba kuti gwero lake ndi bipi basi bilu ndi yanga mpaka miyeziyo ithe. Kuthyoka mwendo kapena chibayo amalipira poti sizikugwirizana. Makampani ena m'malo modikiritsa amakweza ndalama ya pamwezi kapena kuchotseratu matendawo osawalipira mpaka kalekale, ndiye kwanga kuno ndaona kuti kuli bwinoko.

Ndikanabisa zikanaululika pokapempha kuti alipire, amaitanitsa failo yakuchipatala n'kuona deti yomwe ndinayamba mankhwala, akatero amakana bilu mwinanso kuthetsa pangano lonse. Panopa ndadikira miyezi 3, yatsala 9.