Kodi tilipire bakapu ya kampani, kapena pg_dump yathu ikukwanira?

Celestino (Ulongwe): Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndimasamalira pulogalamu ya gulu la alimi a mbatata ya kachewere ndi soya kuno ku Angonia, imene imalemba makilogalamu amene mlimi aliyense wabweretsa, ngongole ya fetereza, ndi ndalama zimene tamutumizira pa M-Pesa. Detabesi yake ndi PostgreSQL, ndipo ili pa seva imodzi ya lendi. Usiku uliwonse 2 koloko cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikidwa, imayendetsa pg_dump -Fc, imene imakopera detabesi mu fayilo imodzi, n'kusiya fayilo pa seva yomweyo. Tsopano kampani imene timabwereka seva ikuti tikawonjezera mametikali 3,000 pamwezi idzatisungira yokha bakapu, ndipo tidzatha kubwezeretsa detabesi pa mphindi iliyonse ya masiku 7 apitawo. Komiti ikufuna ndiiyankhe Lachisanu ngati ndalamayo ndi yoyenera kutuluka.

Armando (Tete): Achimwene, musalipire. Mametikali 36,000 pachaka ndi ndalama ya alimi, pamene pg_dump ndi yaulere ndipo ikugwira kale ntchito. Cholakwika chanu ndi chimodzi chokha, chakuti fayilo ikugona pamodzi ndi detabesi, moti disiki ikafa zonse zipitira limodzi. Muzitumiza fayiloyo kwa kampani ina usiku womwewo, basi nkhani yatha.

Mayi Esperança (Moatize): A Armando anena zoona pa zotulutsa fayilo pa seva, koma nkhani siinathe. A Celestino, taganizani kuti ndi Lachiwiri m'nyengo yogula soya, ndipo 4 koloko madzulo munthu wina wafufuta tebulo la malonda mwangozi. Fayilo yanu yomaliza ndi ya 2 koloko usiku, choncho zonse zimene zinalembedwa m'maola 14 zapita, kuphatikizapo ndalama zimene mwatumiza kale kwa alimi. Chimene kampani ikukugulitsani n'chakuti imasunga WAL mosalekeza, kutanthauza kaundula wa kusintha kulikonse kumene PostgreSQL imalemba, ndipo ndi iyeyo amene amalola kubwerera pa 3:59 madzulo. Zimenezi pg_dump singathe ngakhale fayilo mutaisunga malo khumi. Ngati akalaliki anu amalembanso malisiti a pepala amene mungalowetsenso mawa lake, kutaya tsiku limodzi n'kopweteka koma n'kopiririka. Ngati pulogalamu ndiyo umboni wokhawo, mtengowo si waukulu.

Koma musanayankhe komiti, kodi fayilo ya dzulo munayamba mwaibwezeretsapo penapake? Ikani PostgreSQL ya mtundu wofanana pa kompyuta ina, mukopere fayiloyo kumeneko, muyang'ane wotchi, kenako muchite izi:

```
createdb mayeso
pg_restore --exit-on-error --no-owner -d mayeso alimi.dump
psql -d mayeso -c "select count(*), max(tsiku) from malonda"
```

Chiwerengero cha mizere chifanane ndi cha pa seva monga chinalili usiku, ndipo tsiku lomaliza likhale la dzulo. Mukatero mulumikize pulogalamu yeniyeni ku mayeso ndi kutsegula tsamba la mlimi mmodzi amene mukudziwa ngongole yake pamtima.

Bambo Lourenço (Furancungo): Ine sindikuona chodetsa nkhawa, chifukwa mnyamata wathu amaika zonse pa GitHub madzulo aliwonse, ndipo laputopu yake itabedwa tinapeza zonse zilipo.

Armando (Tete): Bambo Lourenço, chimene chili pa GitHub ndi khodi ya pulogalamu, osati mayina a alimi ndi ngongole zawo. Mumufunse mnyamatayo kumene zimenezo zimasungidwa, ndipo ngati akuikadi detabesi pa GitHub, limenelo ndi vuto lina lalikulu.

Felizarda (Zobue): Ndikuikira umboni mawu a Mayi Esperança. Kumene ndinkagwira ntchito kale, sikiripiti imene tinaipeza inkatumiza zotuluka mu pg_dump ku gzip, ndipo m'foda munkaoneka fayilo yatsopano m'mawa uliwonse, dzina ndi tsiku zili bwinobwino. Pasiwedi ya detabesi itasinthidwa, pg_dump inayamba kukana, koma gzip inkapanikizabe chopanda kanthu n'kutuluka ngati zonse zayenda. Tsiku limene tinafuna fayilo tinapeza kuti onse a miyezi yomaliza anali a mabayiti 20 okha, pamene akale anali a mamegabayiti ambiri. Ndiye chifukwa chake ine ndimati lipirani, kuti mutu uziwawa wa kampani.

Mayi Esperança (Moatize): A Felizarda, vuto lanulo limatsekeka ndi mzere umodzi wa set -eo pipefail mu bash, pamodzi ndi kuikira sikiripiti lamulo lakuti fayilo ikachepa kwambiri poyerekeza ndi ya dzulo ichenjeze. Ndipo chenjezo lizibwera pamene uthenga wakuti zayenda sunafike, chifukwa cron ikaima osayendanso palibe amene angatumize uthenga wakuti zalephera. Zoterezi zinagwera ngakhale kampani ya GitLab pa 31 Januwale 2017, pamene injiniya wina anafufuta detabesi pa seva yolakwika. Atafuna mabakapu anapeza kuti pg_dump yawo inali ya 9.2 pamene detabesi inali ya 9.6, choncho inkalephera, ndipo maimelo ochenjeza ankakanidwa panjira. Anapulumukira pa kope lina limene linatengedwa maola 6 m'mbuyo, ndipo za m'maola amenewo zinatayika.

Kumene ndikusiyana nanu ndi pa mawu akuti mutu uziwawa wa kampani. Bakapu yolipira nayo imafuna kuyesedwa. Mwachitsanzo pa Amazon RDS, ntchito ya Amazon yosungira anthu madetabesi, kumene mungasunge mpaka masiku 35, kubwezeretsa sikulemba pa detabesi yakale koma kumapanga ina yatsopano yokhala ndi adiresi yakeyake, ndipo pulogalamu siyiona mpaka wina atasintha adiresiyo. Ngati munthuyo ayamba kuphunzira zimenezi alimi ali pamzere ndi matumba awo, mwalipira koma mwakhalabe tsiku lonse osagula. Komanso masiku 7 ndi ochepa: kalaliki akalakwitsa ngongole pa 3 ndipo mlimi n'kudandaula pa 20, bakapu ya kampani idzakhala itatengera kale cholakwikacho. Ndiponso khadi likakana kulipira n'kutsekedwa akaunti, detabesi ndi mabakapu ake zimatsekeredwa m'nyumba imodzi. Choncho mulipire kapena ayi, pg_dump yopita kunja isaleke.

Celestino (Ulongwe): Mayi, ndayesa usiku wathawu. Fayilo ndi ya mamegabayiti 310, ndipo pg_restore inayenda mpaka kumapeto kwenikweni n'kuima ndi uthenga wakuti role "alimi_app" does not exist. Kodi ndiye kuti fayilo ndi yowonongeka?

Mayi Esperança (Moatize): Ayi, fayilo ili bwino. Chimene chachitika n'chakuti pg_dump imatenga detabesi imodzi yokha, osatenga maakaunti amene amaloledwa kuilowa, pakuti iwo ndi a seva yonse, ndiye pg_restore itafika popereka zilolezo inasowa womupatsa. Muwonjezere pg_dumpall --globals-only m'sikiripiti ya usiku, ndipo pobwezeretsa muziyamba kulowetsa fayilo imeneyo ndi psql. Fayiloyo muisunge mosamala chifukwa muli mapasiwedi obisidwa.

Celestino (Ulongwe): Zatheka. Kuyambira kukopera mpaka pulogalamu kutseguka zatenga mphindi 40, zambiri mwa izo zathera pa netiweki, ndipo mizere yafanana. Malisiti a pepala timalemba pogula soya, koma pa ngongole ya fetereza tinasiya chaka chatha. Ndikuganiza zouza komiti kuti tilipire.

Armando (Tete): Ine ndikuonabe kuti ndi pgBackRest mungasunge WAL nokha popanda kulipira kampani.

Felizarda (Zobue): Mungathedi, koma a Celestino ali okha, ndipo akadwala m'mwezi wa Meyi adzaiyang'anira ndani? A Celestino, musanasaine muwafunse a kampaniyo ngati amalola kuyesa kubwezeretsa kamodzi pamwezi, ndiponso ngati detabesi yoyeserayo amailipiritsa paokha pa maola amene yayaka.