Ndimupemphe bwanji mnzanga wakale kuti andiperekere umboni pa ntchito?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ku Kasungu kuno kwatuluka mwayi wa ntchito ya ukalaliki wa sitolo ya katundu, ndipo pa fomu akufuna mayina a anthu awiri ondiperekera umboni. Mmodzi ndapeza. Winayo ndikufuna akhale bambo amene tinkagwira limodzi ntchito, omwe tsopano ali pakampani yomweyo.

Ndaganiza zowalembera pa WhatsApp m'malo moimba foni, chifukwa pafoni munthu amavomera ndi manyazi chabe, kenako mabwana akamufunsa amayankha mozizira. Uthenga wake ndi uwu: “Bambo, pepani kukuvutitsani. Ndikufunsira ntchito ya ukalaliki kwanuko, atseka Lachisanu la sabata yamawa. Kodi mungalole kuti ndilembe dzina lanu ngati mboni? Ngati malamulo a pantchito sakulolani, kapena simuli omasuka, mundiuze, sindidandaula.”

Pamene pandimanga ndi apa. CV ndi chikalata cholengeza ntchitoyo nditumize limodzi ndi uthengawu, kapena ndidikire avomere kaye? Ndikuopa kuti kutumiziratu kungaoneke ngati ndawasankhira kale yankho. Komanso sitinalankhulane nthawi yaitali. Kuyamba ndi moni lero, pempho mawa, sikuoneka ngati chinyengo? Akakhala chete masiku atatu, ndiwakumbutse kamodzi, kapena chete ameneyo ndiye kukana?