Ndimuchongere bwanji mnyamata wodziwa zinthu koma wovutika kulemba?

Mayi Nachisale: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Mu Sitandade 7 ndinapereka ntchito ya sayansi yofotokoza njira zotetezera madzi akumwa. Malikisi ndinagawa motere: 10 pa njira ndi zifukwa zake, 5 pa dongosolo, 5 pa masipelo. Ndili ndi mnyamata amene amasokoneza b ndi d, ndipo amawerenga mochita kugwiragwira. Wapeza 6, pomwe nditamufunsa pakamwa anafotokoza bwinobwino kusefa, kuphitsa ndi kuthira kulorini.

Bambo Mbewe: Mayi, mwanayo akudziwa, musamuphe ndi masipelo. Ine otere ndimangowauza kuti atchule njira imodzi m'malo mwa zitatu, n'kuwapatsa malikisi onse.

Mayi Nasibeko: Pa masipelo mwalasa, a Mbewe, koma pa njira imodziyo ndakana. Akatchula imodzi n'kupeza 10, ndiye kuti 10 yake ndi ina, ya anzake ndi inanso. Zitatuzo zikhale zitatu. Chosintha ndi momwe funso limufikira ndi momwe yankho lituluka.

Mumuwerengere funso kawiri monga lalembedwera, osalitambasula kapena kutsindika mawu opereka yankho. Ayankhe pakamwa m'Chingerezi monga anzake alembera, inu muzilemba zomwe wanena ndendende. Apa m'pamene ambiri timaterereka: mwana wangoti “kuphitsa”, ife dzanja lawonjezera kale “kuti tizilombo tife”. Akapanda kutchula chifukwa, malikisi a chifukwa asapeze, ngakhale mtima ukuwawa. Dongosolo limamveka ndi pakamwa pomwe. Akasefa madzi atawaphitsa kale, n'kuwabwezera mu ndowa yakuda, walakwa basi.

Za 5 wa masipeloyo, mufuna kuyesa chiyani mu sayansi? Ine mzerewo ndikanausintha kwa kalasi yonse kuti ukhale wogwiritsa ntchito mawu oyenera a sayansi. Ndipo pamwamba pa pepala mulembe kuti anayankha pakamwa.

Bambo Jere: Ndiye kuti wanga wa vuto lakumva ndisamuchongenso chimangirizo? Ziganizo zake zimatsata chinenero chamanja, mawu amakhala otembenukatembenuka.

Mayi Nasibeko: Ayi bambo, imeneyo ndi nkhani ina. Mu chimangirizo kalembedwe ndi kamene kakuyesedwa, sitingakachotse. Mupatseni nthawi yowonjezera, malangizo muwapereke ndi manja, ndipo mfundo muzichonga padera kuti zolakwika za chiganizo zisamudyere malikisi kawiri. Ngati ku zoni kwanu kuli mphunzitsi wa ana olumala amene anaphunzira ku Montfort, muonetseni pepalalo.

Mayi Nachisale: Ndamuyesa pa nthawi yopuma. Njira watchula zonse koma chifukwa cha kulorini chamusowa, ndiye 8 pa 10. Dongosolo 4. Nkhawa yanga ndi chaka chamawa. Ndikamuzoloweza pakamwa, pa mayeso a MANEB adzatani?

Bambo Mbewe: Uzani ahedi panopa, zikamalembetsedwa za mayeso vuto lake lidziwike. Koma ine funso langa ndi nthawi. Kalasi yodzadza mpaka pakhomo, otere alipo angapo, mphunzitsi ndekha. Ndiwamvetsere liti mmodzimmodzi?