Paselo yafika yosweka, pa invoisi ndinalemba madola 1,200 koma akundipatsa 105

Wamalenzi: Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndinatumiza malenzi awiri a kamera kwa kasitomala wa dziko lina, pa ndege, kudzera kampani ina yonyamula mapaselo. Katoni yonse inalemera makilo 3. Pa invoisi ndinalemba mtengo weniweni, madola 1,200, lenzi ina ya 700 inayo ya 500. Yafika ya 700 ija itasweka galasi lamkati. Ndapanga kilemu ndiye andiyankha kuti atha kundipatsa madola 105 basi. Nde mtengo ndinalemba uja unali wa chani? Anthuwa akundibera kapena pali chimene sindikuchimva?

Wamafoni: Aise akukupusitsani amenewo. Mtengo munalemba, iwo anauona ndi maso awo nkulandira katundu, ndiye kuti anavomera. Akupatseni 1,200 yonse. Musasaine kalikonse, akakamizeni.

Kalaliki Wakale: Achimwene a Wamalenzi, tisanakwiye tiyeni tione kaye pepala. Tengani weyibilu ija, pepala la kampani yonyamula lomwe munasaina potumiza, osati invoisi, muone pomwe alemba kuti Declared Value for Carriage. Pali nambala yanji pamenepo? Muonenso pa risiti ngati pali kandalama kena kapadera komwe munalipira kupatula ya makilo.

Wamalenzi: Ndaona akulu. Pa Declared Value for Customs pali 1,200. Pa Declared Value for Carriage pali zilembo zitatu, NVD. Pa risiti pali ya makilo ndi ya mafuta basi.

Kalaliki Wakale: Nkhani yonse yagona pamenepo. Mabokosi awiriwo amalankhula ndi anthu osiyana. La kasitomu lija ndi la anthu a msonkho, kuti adziwe adula zingati katundu akamalowa, onyamula katundu alibe nalo ntchito pa nkhani yolipira zowonongeka. Linalo ndi limene mumauza kampani kuti katunduyu mukamutaya kapena kumuswa mudzayankha mpaka pa ndalama yakuti, ndipo mumalipirira payokha. NVD ndiye kuti simunatchule mtengo uliwonse kwa iwo, ndiye amabwerera pa malire a lamulo, ndipo malirewo amawerengera kulemera, sayang'ana kuti mkati munali chani.

Katundu wa pa ndege pakati pa maiko ambiri amayendera Pangano la Montreal la 1999. Panopa malire ake ndi SDR 26 pa kilo, anakweza mu Disembala 2024 kuchoka pa 22. SDR ndi ndalama yowerengera ya IMF, imodzi imasewera cha pa dola 1.3 kapena kuposerako pang'ono. Nde makilo anu 3 kuchulukitsa ndi 26 ndi SDR 78, mukasintha ndi madola 105 omwe akunenawo. Sanaiphike pamutu nambala imeneyo. Mukanatumiza njerwa ya makilo 3 malire akanakhala omwewo, nchifukwa chake amene amalira kwambiri ndi ife a tinthu topepuka todula.

Wamafoni: Chabwino koma ngati ndi iwo anagwetsa mwadala kapena mosasamala? Malire amenewo sagwira ntchito munthu akalakwa moonekeratu, ndinamvapo choncho.

Kalaliki Wakale: Munamva za masutikesi a anthu okwera ndege, kumeneko nzoona malire amatha kudumphidwa. Pa katundu wa kago mu pangano la Montreal ayi, malire amakhala pomwepo ngakhale atamugwetsa mosasamala chotani. Njira yokha yowakwezera ndi kutchula mtengo popereka katundu nkulipira ndalama yowonjezera ija. Ndipo a Wamafoni, 1,200 yonse sakanapatsidwa ngakhale akanalemba mu bokosi lolondola, poti lenzi ya 500 ija ili bwinobwino. Mtengo wotchulidwa ndi denga chabe. Amalipira chomwe chawonongekadi, ndi umboni wa invoisi, ndipo ngati lenziyo ikukonzeka ndi madola 250 akupatsani 250 yomweyo.

Nangozo: Ine zanga zinali zina koma zofanana. Kasitomala anandichonderera kuti ndilembe madola 40 pa katundu wa 400 kuti asadulidwe msonkho wambiri kwao. Paselo inasowa yonse, makilo 8. Ndimati bola andipatsa ya makilo ija, yomwe ikanaposa 200, koma anati mayi inu nomwe munalemba kuti katundu ndi wa 40, nayi 40 yanu. Amatenga yochepa pa ziwirizo. Ndiye musamanene kuti bokosi la kasitomu alibe nalo ntchito, likakhala lotsika amaliona msanga kwabasi.

Kalaliki Wakale: Mwandikonza bwino achemwali, ndinanena mofupikitsa. Nambala ya kasitomu siyikweza malire koma itha kuwatsitsa, poti ndi umboni wanu womwe wa mtengo wa katundu. Makampani ambiri salolanso kuti ya Carriage ipose ya Customs.

Bambo a Mapasa: Ine ndimatumiza pa positi ndipo sindinavutikepo, ikachedwa ndimangodikira imafika. Mwina mungodikira kaye achimwene, nthawi zina imakhala yangokhala pa depoti.

Wamalenzi: Yafika kale bambo, vuto ndi loti yafika yosweka. Koma a Kalaliki ndifunseko, ndikanalemba 1,200 mu bokosi linalo ndiye kuti ndinali ndi inshulansi eti?

Mayi Inshulansi: Ayi ndithu, ndipo apa mpomwe anthu ambiri amagwa kachiwiri. Ndakhala pa desiki ya makilemu, ndimaziona. Kutchula mtengo kumangokweza ndalama imene kampani ingalipire ngati mlandu uli wake. Ikapeza pothawira sikulipirani ngakhale munalipira kandalama kaja. Makampani ena akuluakulu monga FedEx amalemba poyera mu malamulo awo kuti mtengo wotchulidwa si inshulansi. Pothawira pake mu pangano lomwe lija ndi monga katundu anali ndi vuto lake kale, sanapakidwe bwino ndi wotumiza, nkhondo, kapena zochita za aboma pomwe katundu akulowa, kutuluka kapena kudutsa m'dziko.

Inshulansi yeniyeni ndi mgwirizano wina, ndipo funso lake si loti walakwa ndani, koma loti katundu wawonongeka ali pa ulendo ndi chinthu chomwe pepala lanu likuvomera. Ikakhala ya gulu lija amati Institute Cargo Clauses (A), kapena inzake ya pa ndege, imatenga pafupifupi ngozi iliyonse kupatula zomwe azitchula kuti ayi. Ya (C) ija ndi yopapatiza, moto, sitima kumira, galimoto kugubuduka, zoterozo, katoni kungogwa m'manja mwa munthu mulibe. Amakulipirani inuyo kenako iwo okha amakalimbana ndi onyamula aja kuti abweze kangachepe ka makilo kaja.

Koma ndisakunamizeni kuti inshulansi ndi mankhwala a zonse. Kupaka moperewera nakonso amakana. Kuchedwa salipira. Kasitomala akakukwiyirani nkusiya kugula kwa inu, phindu lotayikalo salipira. Ndiye pali ekisesi, ndalama yoyamba yomwe mumasenza nokha. Komanso mukaika inshulansi yochepa pofuna kuchepetsa pulimiyamu amadula molingana, katundu wa 1,200 mwamuika pa 600, ndiye kuti mwateteza theka, lenzi ya 700 ikasweka akupatsani 350, osati 600 monga ambiri amaganizira.

Wamafoni: Nde ngati onse amathawira pa kupaka, phindu lake nchani? Angonena kuti simunapake bwino basi nkhani yatha.

Mayi Inshulansi: Sizingotha ndi pakamwa, timaona katoni. Ikakhala yopindika pa ngodya, yobooka, kapena ili ndi chizindikiro choti china cholemera chinaikhalira, ndiye kuti yamenyedwa pa ulendo ndipo kilemu imayenda. Koma katoni kunja ili bwinobwino ngati yatsopano, mkati galasi lasweka, woyesa aliyense ayamba wafunsa kuti mkatimo munali chani. Akapeza lenzi inali yogundana ndi khoma la katoni, kapena ziwirizo zimagundana zokha, kapena ukaigwedeza mukumveka kuti khokhoro khokhoro, amalemba kuti kupaka. Chimene amafuna kuona pa zagalasi ndi chilichonse chokulungidwa pachokha, kabokosi mkati mwa bokosi lina, ndi zofewa zokwana masentimita 5 mbali zonse. A Wamalenzi, katoni yanu ikuoneka bwanji ndipo kasitomala wasunga?

Wamalenzi: Wasunga, wanditumizira zithunzi. Ngodya imodzi yaphwanyika kulowa mkati ndithu. Lenzi iliyonse inali mu kabokosi kake ka kufakitale ndi thovu. Koma chinanso, pamwamba pali tepi ina yosakhala yanga, yolembedwa kuti anatsegula a kasitomu. Ndiye kasitomala anasaina kwa dalaivala osalemba kanthu, anaona kusweka madzulo atatsegula. Lero ndi tsiku la 9 chilandilireni.

Kalaliki Wakale: Masiku amenewo ndi amene ndimafuna kumva. Kusaina osadandaula lamulo limakutenga ngati umboni woyamba woti katundu anafika bwino, koma sikutseka khomo, mutha kutsutsa ndi zithunzi. Chotseka khomo ndi masiku 14. Dandaulo la katundu wowonongeka liyenera kupita molemba pasanathe masiku 14 chilandilireni, ndipo pangano limatchula wolandira katundu. Ndiye musadalire kilemu yanu yokha kapena foni yomwe munaimba, uzani kasitomala alembe imelo lero, aikemo nambala ya weyibilu, tsiku lolandira, chomwe chasweka ndi zithunzi za mbali zonse za katoni. Muonenso malamulo a kampaniyo, ena ali ndi masiku awoawo. Asataye kalikonse, ngakhale thovu.

Za tepi ya kasitomuzo ine ndingoti musaiyambitse nokha nkhaniyo ngati chifukwa cha kusweka, koma musaibisenso, ioneke pa zithunzi. Iwo avomera kale kulipira 105, kutanthauza kuti sakuthawira kumeneko.

Mayi Inshulansi: Apo ndisiyana nanu pang'ono akulu. Kupereka 105 sikuti avomera mlandu, kawirikawiri kalata imanena kuti tikupereka mosavomera kulakwa, ndi yotsika mtengo kuposa kukangana. Ikanakhala 700 tepi imeneyo akanaifunsa bwinobwino. A Wamalenzi muwerenge kalatayo musanasaine, ikakhala yoti mukalandira nkhani yonse yatha, muyambe mwafunsa ngati akubwezaninso ndalama yotumizira, makampani ena amabweza ena ayi. Funsaninso kasitomala ngati bizinesi yake ili ndi inshulansi ya katundu wobwera, chifukwa ngati ilipo ndipo inu mwasainira kuti zatha, a inshulansi ake atha kuvuta poti mwawatsekera njira yokatenga kwa onyamula.

Wamalenzi: Pa kauntala paja ndinanena ndi pakamwa kuti katunduyu ndi wodula, mtsikana uja anati palibe vuto ingolembani mtengo apa. Zimenezo sizingandithandize?

Kalaliki Wakale: Zilembeni mu kalata yanu, tsiku ndi nthawi, nthawi zina manijala amawonjezerapo kenakake kuti asataye kasitomala. Koma monga mlandu ndi yofooka, weyibilu munasaina ili ndi NVD ndipo ndalama yowonjezera simunalipire.

Nangozo: Nanga 595 yotsalayo aluza ndani, inu kapena kasitomala? Munagwirizana kuti katundu amakhala wake kuyambira pati, mukangopereka kwa onyamula kapena akafika pakhomo pake?

Wamalenzi: Sitinalembe chilichonse achemwali, tinangogwirizana pa meseji kuti ndimutumizira mpaka pakhomo, ya kutumiza anawonjezera yekha pa mtengo. Imelo ija walemba, wandikopera. Lenzi akaionetsa kwa okonza mawa kuti tidziwe ngati galasi lokhalo lingasinthidwe, ndiye za 595 tikambirana tikamva mtengo wake.