Meseji yothokoza wekishopu ikatha: alonda ndi okonza m'zipinda ndiwalembe bwanji?

Esinati: Anzanga a m'maofesi ndithandizeni. Tangomaliza wekishopu kuno ku loji kwathu njira ya ku Monkey Bay, zipinda zonse zinadzaza, ndiye abwana akuti ndilembe meseji yothokoza ogwira ntchito ndiponye pa gulupu ya WhatsApp m'dzina lawo. Ndalemba chonchi: "Tikuthokoza a manejala, a akaunti, a kukhitchini ndi a risepushoni chifukwa cha ntchito yabwino. Osaiwalanso anyamata athu a pageti ndi azimayi okolopa." Koma kumapetoko sikukundikomera, sindikudziwa kuti chavuta ndi chani

Limbani: Ine ndiye ndikuona kuti ili bhobho, mwawatchula kale, malo ambiri satchulidwa n'komwe. Tumizani basi

Mayi Chikondi: Ayi Esinati musatumize kaye. Ine ndimayang'anira okonza m'zipinda pa loji ina ku Cape Maclear ndiye mameseji oterewa ndimawamva momwe amafikira kwa eni ake. Choyamba "osaiwalanso" ameneyo mchotseni, akumveka ngati munatsala pang'ono kuwaiwala ndiye mwangowaponyera kumapeto. Chachiwiri amene amakhala pageti panuwo ndi anyamata zoona? Malo ambiri mlonda wa usiku amakhala bambo wamkulu wa zidzukulu zake, inu wa zaka za mwana wawo mukuti "anyamata athu", iwo sangakuyankheni koma mumtima zimalowa. Onani bwino, enawo mwawatchula ndi dipatimenti yawo, a akaunti, a kukhitchini, koma awa mwawatchula kuti anyamata ndi azimayi. Lembani mofanana: a chitetezo, a zaukhondo. Ndiponso okonza m'zipinda sakolopa kokha, amachapa mashiti, kusita, kuyala mabedi, kutsuka zimbudzi za ku holo nthawi ya buleki iliyonse, mukangoti okolopa mwadula ntchito yawo pakati

Esinati: Eee zoona, wa usikuyo ndi Che Wisiki, ndi bambo wamkulu ndithu, tonse timangowaitana kuti madala

Mayi Chikondi: Madala ndi zapakamwa mukamacheza pageti, mu meseji ya abwana lembani Che Wisiki monga amadziwikira kwawo. Kuno ku Mangochi Che ameneyo ndiye ulemu wake, kwa ena mulembe a Phiri, mayi Banda, osati dzina loyamba lokha pomwe manejala mwamulemba ndi "a" wake.

Gifiti: Nkhani yake ndi ndalama iyi. Munthu wagwira 6 koloko madzulo mpaka 6 m'mawa, kuzizira kwa mwera kumupeza panja, mukumupatsa zikomo? Zikomo sagula ufa. Auzeni abwana anuwo apereke ovataimu

Mayi Chikondi: Gifiti apo sindikukutsutsani, ngati pali ovataimu yomwe sanalandire ndiye meseji yokoma imasanduka chipongwe, Esinati mufunse kaye ku akaunti musanatumize. Koma funso lake linali la kalembedwe. Ndipo musaone ngati meseji ilibe ntchito, alendo akamapita amathokoza amene amuona, wa risepushoni ndi weita, pomwe amene anadzuka m'bandakucha kukolopa holo alendo asanalowe palibe amamuona. Ntchito yawo imatchulidwa pokhapokha chinthu chikasowa kapena chimbudzi chikanunkha. Ndiye ngati dzina la munthu limamveka pa gulupu tsiku la mlandu lokha, tsiku lomwe adzaone loko ya sitolo yathyoka adzayamba waganiza kaye kuti ndikanena andiloza ine. Nthawi ya kolera ija 2022 mpaka 2023 Mangochi inavutika kwambiri, amene ankasungunula kolorini m'mabaketi ndi kutsuka zimbudzi kangapo patsiku anali anthu omwewa

Yusufu: Ine ndi supavaiza wa alonda, kampani sinditchula. Pali chinthu mukuchiphonya nonse. Alonda ambiri m'malojimu ndi a kampani ina, pa gulupu ya ogwira ntchito sakhalapo, ena foni yawo ndi yamabatani. Ndiye muthokoza bwino bwino koma mwini wake osamva. Chomwe chimathandiza ndi kukawauza pamaso nthawi yosinthana shifiti, cha m'ma 6 pomwe wa usiku ndi wa masana onse ali pageti, chifukwa miting'i ya 8 koloko wa usiku amakhala atapita kukagona. Komanso tumizani kalata kaya meseji kwa ife, timaika mu fayilo ya munthuyo, pokambirana zosintha anthu malo ogwirira ntchito zimamuthandiza

Esinati: Ndiye nditchule zomwe anachita? Chifukwa Che Wisiki usiku wachiwiri anapeza galimoto ya mlendo galasi lili lotsegula laputopu ili pampando, anakaima pomwepo kutumiza mnzawo kukadzutsa mwini wake. Ndimafuna ndilembe kuti anali okha mbali ya kunyanja koma anakwanitsa

Yusufu: Za laputopuzo lembani, ndi zomwe zimapatsa meseji mphamvu. Koma zoti anali okha mbali ya kunyanja ayi ndithu, meseji ya pa gulupu imayenda, mawa ili mu foni ya munthu wa kumsika, ndiye mwauza anthu kuti kugombe kumakhala mlonda mmodzi. Chiwerengero cha alonda, nthawi yozungulira, geti yomwe ilibe loko, zimenezo sizilowa mu meseji yothokoza

Limbani: Koma zotchula mayinazi samalani. Kwathu anatchula mayi mmodzi kuti wagwira bwino, anzake atatu anakwiya sabata yonse, iyenso anadzadandaula kuti mwandiika pamaso pa anthu, nsanje mukuidziwa. Bola kungoti a zaukhondo nonse

Mayi Chikondi: Izo zimachitika mukatchula mmodzi kusiya ena. Ngati ali ochepa tchulani onse, tengani mayina pa rositala osati m'mutu kuti wa ganyu amene munamuitana kudzathandiza kuchapa asatsale. Esinati yesani chonchi:

"Anzathu nonse, wekishopu yatha bwino ndipo alendo apita okhutira. Tikuthokoza a zaukhondo, mayi Banda, mayi Asiyatu ndi a Phiri, chifukwa holo ndi zimbudzi zinali zoyera m'mawa uliwonse alendo asanalowe. Tikuthokoza a chitetezo, Che Wisiki ndi anzawo, magalimoto ndi katundu wa alendo zonse zapita zili bwino, ngakhale laputopu yomwe inaiwalika m'galimoto yabwerera kwa mwini wake. A kukhitchini, chakudya chinkafika pa nthawi yake. A risepushoni ndi a akaunti, zikomo polandira alendo ndi kulongosola mabilu."

Mwaona, aliyense ali ndi chiganizo chake ndi ntchito yake, palibe amene wapachikidwa kumchira. Mawu ngati "ngakhale ntchito yawo ndi yonyozeka" kapena "anzathu apansi" musayerekeze, ena amalemba akuganiza kuti ndi chifundo

Yusufu: "Ndi anzawo" ameneyo ndi anthu a mayina, ndifunseni kaya funsani supavaiza wawo akupatsani. Ndipo mukapita pageti kwa Che Wisiki mukangowathokoza m'Chiyao kuti sikomo kwejinji mudzaona okha

Limbani: Ine za mayina ndikukanabe, bola muwafunse kaye eni ake ngati akufuna

Esinati: Chabwino ndiwafunsa mawa posinthana shifiti. Vuto latsala ndi abwana, akaona a zaukhondo ali pamwamba manejala osatchulidwa n'komwe sindikudziwa ngati avomere, nanga meseji ikupita m'dzina lawo. Gifiti za ovataimu ndafunsa, akuti wa akaunti abwera Lolemba