Kompyuta yothima yokha ija: vuto lapezeka

Sabata yatha ndinafunsa kuti: "Kompyuta yanga ikumayaka masekondi 3, zokupiza mphepo n'kuzungulira, kenako n'kuthima. Chalakwika n'chiyani?"

Zikomo nonse amene munandilangiza, makamaka inu achimwene a ku Mbare munati ndiyambe ndi pawasapulayi. Ndinaichotsa, n'kulumikiza waya wobiriwira (PS_ON) ndi wakuda pa pulagi ya mapini 24. Inayaka osathima. Pa mita, waya wachikasu unaonetsa mavoti 12, wofiira 5, waolenji 3.3. Ndinkaganiza kuti kuthimathima kwa magetsi kuno ku Harare kunaiononga, koma ayi ndithu.

Kenako ndinatulutsa mazabodi m'bokosi, n'kuiika pa katoni, ili ndi purosesa, chozizitsira chake ndi RAM imodzi yokha. Inayaka bwinobwino mpaka BIOS kuoneka. Nditaibwezera m'bokosi, yathimanso!

Apa m'pamene ndinaona kamsanamira kachitsulo kotsalira pansi, pamalo pomwe bodi ilibe bowo la sikuluwu. Ndinakasiya ndine pomwe ndinkasintha bodi, manyazi ake. Kankagunda mitu ya soda kunsi kwa bodi, magetsi n'kumathawira m'bokosi. Pawasapulayi ikamva shoti imadzizimitsa yokha kuti zinthu zisapse, n'chifukwa chake kompyuta sinkachedwa kuthima. Ndakachotsa, ndipo yatha masiku 4 ikuyenda.

Amene munati purosesa ikutentha, nazonso zimathimitsa ngati chozizitsira sichinakhale bwino, koma changa chinali chomanga zolimba. RAM yakufa kawirikawiri siithimitsa motere: zokupiza zimangozungulirabe, sikirini ili bii.