Malume akuti ndimawadula mawu pa vidiyo kolo

Nabanda: Abale ndithandizeni. Ndili ku Leeds, ndipo za chinkhoswe cha mng'ono wanga tikukambirana pa Zoom. Malume ku Dedza adandaulira amayi kuti ndasintha, ati ndimawadula mawu, kenako ndimangoti duu osavomera. Chonsecho ndimadikira amalize, koma ndikati ndiyambe nawonso ayamba, tonse n'kusiya, tonse n'kuyambanso. Nditani?

Wa ku Joni: Agulireni bandulo yaikulu asisi, nkhani yatha.

Mbewe: Bandulo imangotalikitsa macheza, mawu azichedwabe. Tinene kuti akuchedwa theka la sekondi. Malume akapuma, inu mumamva patapita theka limenelo, ndipo yankho lanu limatenganso theka lina kuti liwapeze. Iwo amva zii kwa sekondi yathunthu, pomwe pamaso m'pamaso anthu timalandizana mawu pasanathe ndi theka lomwe. Ndiye amaganiza kuti mulibe mawu n'kupitiriza, anu aja n'kuwagwera pakati pa chiganizo. Kwa inu munadikira, kwa iwo mwawadula.

Yesani ndi mng'ono wanuyo kuwerenga molandizana, iye 1, inu 2, mpaka 10. Mukamva kukoka, zimitsani vidiyo muyesenso. Pa msonkhanopo muziperekerana mawu ndi pakamwa: "Ndathera pomwepo malume." Mukawombana, nenani "pitirizani" kamodzi kokha n'kukhaladi chete, ngakhale cheteyo akuvuteni.

Mayi a Tadala: Ife kuntchito lamulo n'lakuti aliyense atseke maiki mpaka nthawi yake ikwane. Phokoso kulibe.

Mbewe: Pa anthu 20 n'zoona mayi. Koma pano ndi pomwe pachokera duu uja. Wamkulu akamayala nkhani amadikira "eee", "zoona", "ndamva". Mukatseka maiki, amakhala ngati akulankhula ndi khoma. Ngati muli ochepa siyani yotsegula, koma muvale mahedifoni. Pa sipika, foni polimbana ndi mawu obwerera imatha kumeza mawu a mmodzi mukalankhulira limodzi. Ana akamasokosera tsekani, ndipo pa kompyuta dinikizani `Space` osasiya pomwe mukuvomera, mukasiya imatsekekanso.

Nabanda: Zikomo achimwene. Nanga maso? Mnzanga akuti ndiziyang'ana kamera, chifukwa ndikayang'ana nkhope yawo pa sikirini, kwawoko ndimaoneka ngati ndikuyang'ana pansi.

Agogo a ku Kasungu: Nanga kuyang'ana pansi kwalakwa liti? Mwana kutong'olera malume ake maso ndiye mwano. Chimene chimandinyansa ine n'kuona munthu akukonza tsitsi podziyang'ana yekha ine ndikulankhula.

Mbewe: Agogo anena zoona, ndipo Zoom ili ndi `Hide Self View` yobisira chithunzi chanu. Komabe ine popereka moni ndimayang'ana kamera.

Wa ku Joni: Kwathu amasonkhana anthu asanu pa foni imodzi, mmodzi akuigwira chozondoka. Maso ake ndiyang'ane a ndani?